Masiku asanu a katiki kamodzi

Moni nonse amene mukundimvera, kaya muli m'basi kupita ku shifiti, kaya mwangoweruka kumene ndipo mwavula nsapato. Mawu angawa akumveka olemera chifukwa ndangodzuka, mundikhululukire. Lero ndikuuzeni za masiku asanu amene ndinangoti zii osalankhula ndi amayi anga, ndi mmene ndinatsalira pang'ono kuipitsa zinthu ndi pakamwa pangapa tsiku limene ndinawapeza.

Amene mumanditsatira mukudziwa kuti ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Mangalande, ndipo nthawi zambiri ndimakhala wausiku, kuyambira 8 koloko madzulo mpaka 8 koloko m'mawa. Lachinayi lina mu Disembala, ndikutsuka beseni chakum'mawa, foni inapulumuka m'thumba la yunifolomu n'kugwera m'madzi. Ndinaivuula msanga, ndinaipukuta, koma sinayakenso. Ndinali ndi mashifiti ena awiri otsatizana, ndiye ndinangoti ndiona Loweruka.

Loweruka ndinaguladi foni ina, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Apa ndi pamene panagona vuto, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu mwakhalira msampha womwewu. WhatsApp yanga ndinaitsegula kalekale ndi nambala yakwathu, ndipo nditabwera kuno sindinaisinthe. Bola foni ndi yomweyo, imagwira ntchito bwinobwino ngakhale mutaikamo simu khadi ya kuno. Koma mukangoilowetsa mu foni yatsopano, imafuna kodi ya manambala 6 imene imatumizidwa ku nambala yakale ija. Simu khadi imeneyo ine ndinaiona komaliza zaka ziwiri zapitazo. Ndipo nambala ya amayi, imene ndimaimba sabata iliyonse, ndinapezeka kuti pamtima ndikudziwa manambala anayi omalizira okha.

Tsono taganizani za mbali inayo. Ine ndinkadziwa kuti ndili bwino. Chimene amayi ankaona ndi katiki kamodzi kotuwa. Katiki kamodzi kamatanthauza kuti uthenga wachoka pa foni yawo koma sunafike pa yanga. Timatiki tiwiri totuwa ndiye kuti wafika, tikasanduka tabuluu ndiye kuti wawerengedwa. Makolo athu zimenezi amazidziwa kuposa mmene timaganizira. Timatiki tiwiri tosayankhidwa timawakwiyitsa, amati mwanayu wayamba matama. Koma katiki kamodzi kamawaopsa, chifukwa kamasonyeza kuti foni yazima kapena siili pa intaneti, ndipo mwana amene foni saisiya pansi sangaizimitse masiku atatu popanda chifukwa. Mng'ono wanga, pofuna kuwatonthoza, anawauza kuti munthu akakubuloka pamaonekanso katiki kamodzi. N'zoona ndithu, koma anangowawonjezera chowasowetsa tulo chachiwiri. Lamlungu, tsiku limene timalankhulana nthawi zonse, linadutsa. Mauthenga awo a masiku amenewo sindinawaone, koma mng'ono wanga akuti ankatumiza usiku pakati, mawu amodzimodzi: uli kuti?

Nambala ya amayi ndinakaipeza Lolemba ku ofesi kuntchito, pa fomu imene ndinalembapo wachibale woti adziwitsidwe ndikachita ngozi. Ndinatsegula WhatsApp yatsopano ndi nambala ya kuno, yoyamba ndi +44, ndipo ndinalemba mothamanga kuti, "Amayi ndine, foni yanga inafa, nambala yatsopano ndi imeneyi." Timatiki tabuluu, kenako zii. Ndinaimba, sanayankhe.

Poyamba zinandipweteka, koma mng'ono wanga anachita bwino kuwaletsa kuyankha. Mawu amene ndinalembawo ndi omwewo amene akuba amayambira nawo. Amalemba ndi nambala yachilendo kuti ndine mwana wanu, foni yawonongeka, ndipo pakangopita kanthawi amapempha ndalama mwachangu. Kholo limene lakhala masiku asanu mtima uli m'mwamba ndi losavuta kulipusitsa, chifukwa likufunitsitsa kuti uthengawo ukhale woona. Choncho ngati mwasowa kenako mukutulukira pa nambala ina, musalembe. Jambulani mawu. Wanga unali waufupi, sunakwane ngakhale theka la mphindi: "Amayi, ndine mwana wanu. Lero ndi Lolemba. Ndili bwino, sindikudwala, sindili pa vuto lililonse, ntchito ndikugwira. Foni inagwera m'madzi Lachinayi. Ndikuimbirani pakatha mphindi khumi, muyankhe." Ndinatchulanso dzina limene amanditchula iwo okha kuyambira ndili wakhanda. Tsikulo ndinalitchula dala, kuti asaganize kuti wina wawatumizira mawu anga akalekale.

Onani mmene ndinasanjira mawuwo. Ndinayamba ndi kuti ndili moyo ndipo ndili bwino, za foni zinabwera pambuyo. Ife timakonda kuyamba ndi kufotokoza, kuti pepani, mukudziwa zimene zinachitika n'zakuti. Kwa munthu amene wakhala akudikira uthenga woipa, mawu akuti "zimene zinachitika" ndi chiyambi cha uthenga woipawo. Akamamva mawu oyambawo mtima wathawa kale, zotsatirazo sazimvanso.

Mphindi khumi zitakwana ndinaimba, ndipo anayankha isanalire kachiwiri. Sanapereke moni. Anangoti, "Uli kuti?" Ndinati ndili kunyumba, m'chipinda changa. Anafunsanso, "Uli kuti iwe?" Ndinayankha chimodzimodzi. Atafunsa kachitatu, ine ndi kutopa kwanga kwa mashifiti, ndinaseka pang'ono n'kunena kuti, "Koma amayi, masiku asanu okha, mukudandaula chiyani? Kodi ndine mwana?"

Abale anga, chete amene anatsatira pamenepo sindidzamuiwala. Kenako anati, motsitsa mawu, "Chabwino. Tamva kuti uli bwino. Kagone." Amene amawadziwa amayi anga akudziwa kuti "chabwino" ameneyo si wabwino ayi.

Ndinalakwitsa pati? Ndinawerengera masiku ndi kawerengedwe kanga. Kwa ine anali mashifiti atatu, tulo, ndi ulendo umodzi wokagula foni. Kwa iwo anali mausiku anayi ogona akuyang'ana kudenga, opanda khomo lililonse loti akagogodepo. Mwana akakhala m'dziko lomwelo, kholo likhoza kutuma munthu kuti kamuone. Ine amayi sadziwa msewu umene ndimakhala, sadziwa wondiyandikira, sadziwa ngakhale dzina la kumene ndimagwira ntchito mmene limalembedwera. Pakati pa ine ndi iwo panali ulusi umodzi wokha, ndipo unaduka. Ukamuuza munthu wotero kuti wadandaula pachabe, ukumuuza kuti ndi wopusa. Akuluakulu anati mwana sakulira nakubala, ndipo ine funso langa lija, loti kodi ndine mwana, yankho lake linali eya.

Ndinawapempha kuti asadule. Ndinati, "Pepani amayi, ndayankhula molakwika. Ndinakusowetsani mtendere. Ndiuzeni mmene zinalili." Kenako ndinatseka pakamwa. Apa m'pamene pamafunika kupirira, chifukwa zimene zimatuluka si zokoma. Anandiuza kuti anaganiza za chipatala, anaganiza kuti andigwira chifukwa cha mapepala, anaganiza zoti adzauza bwanji bambo. Anandikalipira. Ndinafuna kangapo kuwadula kuti ndikonze penapake pamene ananena zosalondola, koma ndinadzigwira. Munthu amene wasenza mantha masiku asanu amafunika awatule kaye, ndipo malo owatulira ndi iwe amene unawabweretsa.

Atatha, ndinayatsa vidiyo. Koma ndisanatero ndinawachenjeza, ndipo inunso muzichita zimenezi. Mu Disembala kuno dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndipo nkhope ya munthu wogwira usiku, m'chipinda cha mdima, pa kamera ya foni, imaoneka ngati ya wodwala. Ndinayatsa magetsi onse, ndinati, "Maso mukuwaonawa ndi a tulo, si matenda." Ndinaimirira n'kuyendayenda kuti aone kuti miyendo ndi manja zilipo. Ndinawaonetsa foni yakufa ija, ndikuidina batani osayaka. Chodabwitsa n'chakuti foni yakufayo ndi imene inawakhazika mtima pansi kuposa mawu anga onse. Analiona ndi maso awo bodza limene silinali bodza.

Pa nkhani ya bodza, ndinenepo pang'ono. Ena mumasowa chifukwa munadwaladi, kapena ntchito inatha, kapena mtima unangolemera osafuna kulankhula ndi aliyense. Zikatero timathamangira kunamizira netiweki. Ine sindikugwirizana nazo. Kholo limamva mawu a mwana wake ngati asintha, ndipo likadzatulukira kuti "ndili bwino" uja anali wabodza, "ndili bwino" aliyense wam'tsogolo sadzagwiranso ntchito. Nenani zoona, koma muzinene pamodzi ndi polekezera pake: ndinadwala chimfine chachikulu, ndinagona masiku atatu, dokotala wandiona, mawa ndibwerera kuntchito. Choopsa ndi vuto lopanda malire ake, chifukwa malire akasowa, kholo limaika lokha, ndipo limaika patali.

Mungadziwe bwanji kuti mtima wakhaladi m'malo? Osati akanena kuti chabwino. Mudzadziwa akasiya kufunsa za inu n'kuyamba kukuuzani zawo. Amayi atayamba kudandaula kuti mng'ono wanga amachedwa kudzuka, ndinadziwa kuti tawoloka.

Tisanatsanzikane tinapangana zinthu zochepa. Ndinawapatsa nambala ya mnzanga amene timakhala nyumba imodzi, nditamupempha kaye, ndipo iyenso anasunga yawo. Tinagwirizana kuti akaona katiki kamodzi masiku awiri athunthu amuimbire, asadikire, ndipo sindidzakwiya. Koma masiku awiriwo asanakwane, agone tulo. Ndinawafotokozeranso za nthawi, chifukwa inkatisokoneza: m'nyengo yozizira iwo amakhala patsogolo ndi maola awiri, koma kuno mawotchi amasinthidwa Lamlungu lomaliza la Marichi, ndipo kuyambira pamenepo mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala kusiyana kumakhala ola limodzi. Ndikaweruka 8 koloko m'mawa mu Disembala, kwa iwo ndi 10 koloko, ndipo nthawi yonse imene iwo ali maso masana, ine ndili mtulo. Sabata iliyonse tsopano ndimawatumizira masiku amene ndili wausiku.

Inu amene WhatsApp yanu ikadali pa nambala yakwanu imene simu khadi yake mulibe, isintheni foni ikadali yamoyo. Lowani pa Settings, kenako Account, kenako Change number. Kodi idzabwera pa nambala yatsopanoyo, ndipo magulu anu ndi zokambirana zanu zidzatsala momwemo. Ine zanga za zaka zinayi zinapita ndi madzi a m'beseni.

Lamlungu lotsatira nditaimba, amayi sanandilole ngakhale kumaliza moni. Anati, "Tanena nambala yanga pamtima." Ndinainena, ndinaphonya imodzi chapakati. Anandibwerezetsa kanayi, ngati mwana wa sitandade 1, mng'ono wanga akufa ndi phwete kumbuyoko. Pano ndailemba papepala limene lili m'chikwama cha pasipoti, ina ndamata kuseri kwa chitseko cha kabati.

Ndilekere pomwepa, basi yanga inyamuka 7 koloko. Tionana sabata yamawa.