Imelo yoitana kholo kusukulu: ilembeni kuti ayankhe ndi nambala imodzi

(Pa sikirini: foni ikuonetsa uthenga wakuti "Mubwere kusukulu mawa. Nkhani yofunika.")

Kholo likalandira uthenga ngati uwu, mtima umagunda. Mwana wamenya mnzake? Wachotsedwa? Kapena ndi za fizi? Ena amangoimba foni atakwiya kale, ena amakhala chete chifukwa mawa ali kuntchito. Tiyeni tilembe imelo imodzi pamodzi. Nkhani yake ndi ya mwana wa Sitandade 7 amene masamu ake atsika teremu yachiwiri ino.

Yambani ndi pamene palembedwa Subject. Pa foni pamaoneka mawu ochepa okha, enawo amadulidwa, ndiye zofunika zikhale kutsogolo: "Pempho lokumana za maphunziro a mwana wanu, Sitandade 7". Mawu akuti pempho amatsitsa mtima.

Musanalembe moni, tsegulani kaundula wa kalasi. Ana ambiri amaleredwa ndi agogo, amalume kapena azakhali, ndipo dzina la bambo la mwana lingasiyane ndi la womulera. Kulembera "Bambo ndi Mayi" kwa mayi woferedwa n'kulakwitsa kopweteka. Ngati kaundula sakunena bwino, "Okondedwa kholo kapena womulera" n'kokwanira.

(Pa sikirini: imelo yonse, ikuwerengedwa mokweza)

Okondedwa Mayi,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino. Ndine mphunzitsi wa mwana wanu mu Sitandade 7. Chichewa ndi Chingerezi akuchita bwino, koma masamu akumuvuta teremu ino, makamaka mafulakishoni. Ndikupempha kuti tikumane kwa mphindi 15 tikambirane mmene tingamuthandizire asanafike Sitandade 8. Si nkhani ya mlandu ayi.

Chonde sankhani nthawi imodzi:
1. Lachiwiri pa 10 Marichi, 2 koloko masana
2. Lachinayi pa 12 Marichi, 4 koloko madzulo
3. Masiku awiriwa sinditha, tilankhule pa foni

Mungoyankha ndi nambala yokha pofika Lachisanu pa 6 Marichi. Tidzakumana m'kalasi mwake. Mukafika pageti, alonda adzakulondolerani. Ngati n'kotheka, mudzatenge kope lake la masamu.

Zikomo kwambiri.

(Wofotokoza abweranso)

Onani pamene pali manambala atatuwo, chifukwa mphamvu ya imeloyi ili pamenepo. Mukafunsa kuti "Mungapezeke liti?", mwapatsa kholo ntchito: aganize, aone ndandanda ya kuntchito, alembe chiganizo chaulemu. Amati ndiyankha madzulo, madzulowo n'kuiwala. Koma kulemba 2 n'kutumiza, munthu amachita ali mu minibasi. Nthawi ziwirizo zisiyane ndithu, ina masana ina chakumadzulo, kuti wogwira ntchito apezepo yake. Nambala 3 musaichotse. Popanda iyo, amene sangabwere amachita manyazi n'kungokhala chete, inu n'kumaganiza kuti alibe chidwi ndi mwana.

Dzina la tsiku ndi deti zilembedwe zonse, ndipo muone pa kalendala kuti zikugwirizana. Mukalemba Lachiwiri pa 11 pamene 11 ndi Lachitatu, wina abwera tsiku lolakwika atalipira kale thiransipoti. Mawu ngati "mawa" ndi "sabata yamawa" apeweni, popeza simudziwa tsiku limene adzatsegule imeloyo. Itumizeni kutatsala sabata yathunthu.

Mwaonanso kuti tatchula phunziro lovuta koma malikisi sitinalembe. N'dala. Imelo imatumizidwa kwa ena, foni imabwerekedwa, ndipo 32 pa 100 yowerengedwa popanda wofotokoza imangobweretsa mkwapulo kunyumba. Malikisi akaonedwe pa tebulo, kope lili lotsegula. Chabwino chimene mwatchula chikhale choona. Kholo limadziwa ngati mukungolinyengerera.

Cholakwika chachikulu chimachitika pamene mukuitana makolo angapo. Mukaika maadiresi onse pa To kapena Cc, aliyense amaona kuti ana a uje ndi uje nawonso sakuchita bwino, ndipo wina akadina Reply all, yankho lake limafika kwa onse. Bcc imabisa maadiresi, n'koyenera pa msonkhano wa kalasi yonse. Koma nkhani ya mwana mmodzi, imelo yakenso ikhale yakeyake. Mukamakopera ya mwana wina, werenganinso musanatumize. Dzina la mwana woyamba limakonda kutsalira pakati.

Pansi lembani dzina lanu, kalasi ndi nambala ya foni ya sukulu. Kholo likayankha, tsimikizani ndi mzere umodzi: "Zikomo, tikumana Lachinayi pa 12 Marichi, 4 koloko." Lachisanu likadutsa kuli zii, musatumizenso imelo yomweyo. Mwina adiresi ndi yakale, mwina bando inatha. Imbani foni Lolemba, kapena mupatseni mwana kakalata kotsekedwa mu envulopu kokhala ndi manambala atatu omwewo.