Kutentha thupi uli kumwezi: kodi ndi malungo kapena ndi thamponi?

Kalata yathu yoyamba lero yachokera kwa mtsikana wa ku Chikanda, yemwe wapempha kuti tisamutchule dzina. Iye walemba kuti: "Anti, ndinayamba kugwiritsa ntchito mathamponi chaka chatha chifukwa ndimasewera mpira wamanja. Ndimavala imodzi 9 koloko usiku n'kudzaichotsa 7 koloko m'mawa. Pakapepala ka m'paketi ndaona chenjezo la matenda otchedwa TSS, ndipo ndachita mantha. Kodi ndingawazindikire bwanji, popeza kuno aliyense akatentha thupi timangoti ndi malungo?"

Zikomo mwanangu chifukwa chowerenga kapepalako, pakuti ambiri amangokataya. Choyamba mtima ukhale m'malo: matenda a TSS, omwe dzina lake lonse pa Chingerezi ndi toxic shock syndrome, sagwira anthu kawirikawiri, ndipo amayi ochuluka amagwiritsa ntchito mathamponi moyo wawo wonse osakumana nawo. Koma akagwira munthu amakula msanga, moti angathe kupha m'masiku ochepa.

Gwero lake ndi bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus, amene ambiri tili naye pakhungu, m'mphuno, ngakhalenso kumaliseche, popanda kutidwalitsa. Thamponi ikakhalitsa m'kati itamwa magazi, bakiteriyayu amapeza malo abwino oswanirana, ndipo mitundu ina imatulutsa poizoni amene akalowa m'magazi amagwetsa BP n'kufooketsa impso, chiwindi ndi ziwalo zina. Dziko linadzidzimuka ndi zimenezi mu 1980 ku America, pamene amayi ambiri anadwala, ena n'kumwalira, ndipo thamponi yomwa magazi ochuluka kwambiri yotchedwa Rely inachotsedwa pamsika.

Tsono tiwerengere limodzi maola ako. Kuchokera 9 koloko usiku kufika 7 koloko m'mawa ndi maola 10, pamene malangizo amati thamponi isinthidwe pakatha maola 4 mpaka 8, osapitirira apo. Ine ndingakonde kuti usiku uzivala padi, thamponi uziisungira kubwalo la masewera. Uzisankhanso thamponi yomwa magazi pang'ono malinga ndi mmene ukutayira tsikulo. Ngati patapita maola angapo ikutuluka youma ndiponso mokakamira, ndiye kuti yakukulira mphamvu, ugule yocheperapo. Usambe m'manja usanaiike, ndipo tsiku lomaliza la msambo utsimikize kuti sunaiwale ina m'kati, chifukwa zimenezi zimachitika ndithu.

Pa za malungo wakhudza pamene pamandidetsa nkhawa kwambiri. Matendawa amayamba mwadzidzidzi. Mtsikana amene m'mawa anali bwinobwino m'kalasi, pofika madzulo thupi latentha kufika madigiri 39 kapena kuposa, akuphwanya m'thupi, mutu ukuwawa, akusanza kapena kutsegula m'mimba. Mpaka apa mnzake wa m'chipinda anganene kuti ndi malungo, n'kumupatsa panado kuti agone. Chimene chiyenera kukutsegula maso ndi chakuti zonsezi zabwera uli ndi thamponi m'kati, kapena utangomaliza kumene msambo. Pamwamba pake pamabwera chizungulire choopsa, choti ukadzuka pabedi m'maso mumada n'kufuna kugwa, mkodzo umachepa, ndipo ena amayamba kusokonezeka mutu.

Mabuku amatchulanso kufiira kwa khungu ngati lapsa ndi dzuwa, koma pakhungu lathu lakudali kufiirako sikuoneka msanga. Choncho yang'ana m'maso ngati mwafiira, yang'ana lilime ndi kummero, komanso m'zikhatho ndi kumapazi. Kusupuka kwa khungu la m'zikhatho ndi kumapazi kumadza mochedwa, patatha sabata imodzi kapena ziwiri, kotero usadikire chizindikiro chimenecho.

Ukaona zotere, chotsa thamponiyo nthawi yomweyo, ndipo upite kuchipatala ngakhale pakati pa usiku, osadikira kuti kuche. Kwa iwe wa ku Chikanda, chipatala chachikulu cha Zomba sichili patali. Upeze wokuperekeza, chifukwa ungathe kukomoka panjira. Kuchotsa kokha sikuchiritsa, pakuti poizoniyo amakhala atalowa kale m'magazi, ndipo wodwala amafunika kugonekedwa, kuikidwa madiripi okweza BP ndi kupatsidwa mankhwala opha mabakiteriya kudzera m'mitsempha.

Ndikudziwa kuti mwambo wathu sutilola kukamba za kumwezi pamaso pa abambo, ndipo mwina amene adzakuone adzakhala dokotala wamwamuna. Komabe ndikukupempha mwanangu, manyazi uwasiye pakhomo, unene momveka kuti: "Adokotala, ndili kumwezi, ndinavala thamponi kwa maola akutiakuti." Akuyeze malungo, inde, koma mawu amenewa uwanene asanakufunse, chifukwa popanda iwo n'kosavuta kuti akubweze kunyumba pamene matenda akukula. Ndipo amene anadwalapo TSS asabwererenso ku mathamponi kapena kakapu ka msambo asanalankhule ndi dokotala, popeza matendawa amatha kubweranso.