Khodi ya mtundu ya hekisi: kupeza manambala atatu ndi pepala ndi cholembera

Moni nonse, takulandirani! Lero kakyuleta ikhale m'thumba. Tengani pepala, mulembe khodi ili pa sikiriniyi:

```
#1E90FF
```

Uyu ndi buluu wowala uja amene mu CSS, chinenero chokongoletsera masamba a pa intaneti, amamutcha `dodgerblue`. Tikufuna tidziwe kuti m'katimu muli kufiira kochuluka bwanji, kubiriwira kochuluka bwanji, ndi buluu wochuluka bwanji.

Choyamba, chotsani kachizindikiro ka `#`, sikalowa m'masamu. Zotsalazo zigaweni ziwiriziwiri: `1E` ndi kufiira, `90` ndi kubiriwira, `FF` ndi buluu. Dongosolo limeneli silisintha.

Chachiwiri, zilembo. Mu hekisi timawerenga 0 mpaka 9, manambala akatithera timabwereka zilembo: A ndi 10, B ndi 11, C 12, D 13, E 14, F 15. Basi. Ngati ndathamanga imitsani vidiyo mukopere.

Chachitatu, cha kumanzere chichulukitseni ndi 16, muphatikize cha kumanja. `1E`: 1 kuchulukitsa ndi 16 ndi 16, kuphatikiza E, yemwe ndi 14, tapeza 30. `FF`: 15 kuchulukitsa ndi 16 ndi 240, kuphatikiza 15, ndi 255. Pamenepa ndiye pathera, mtundu umodzi sungapitirire 255. Mukapeza 270 dziwani kuti mwaphonya penapake, bwererani.

Mwaona kuti `90` ndamudumpha? Ndachitira dala, chifukwa vidiyo ino ndapangira iyeyu. Musanapitirire dinani `Subscribe`, sabata yamawa tibwerera chammbuyo, kuchoka ku manambala kupita ku hekisi.

Pali bodza lomwe limandipweteka mtima ndikamalimva kwa ophunzira. Amati: "Pomwe pali zilembo ndi pomwe pali ntchito. Pakakhala manambala okhaokha, ingokopera mmene alili." Ndiye munthu waona `90`, walemba 90, wapita. Ayi, abale anga! Ayi ndithu.

Taganizani za mayi wogulitsa tomato pamsika. Tinazolowera kuti milu yake ndi ya tomato khumikhumi, choncho akalemba 90 akutanthauza milu 9, wapadera palibe. Tsopano mwafika pa benchi lina pomwe mulu uliwonse muli tomato 16. Wogulitsa wa pamenepa nayenso walemba 9 ndi 0: milu 9, wapadera palibe. Kalembedwe nkofanana, koma kodi dengu lanu lilemera chimodzimodzi? Hekisi yense ndi benchi lachiwirili. Khodi ikangoyamba ndi `#`, milu yonse ndi ya 16, kaya mukuona chilembo kaya simukuchiona. Chilembo sichisintha lamulo, chimangotithandiza kulemba 10 mpaka 15 pamalo amodzi.

Tiyeni tiwerenge. 9 kuchulukitsa ndi 16. Ngati 16 akukuvutani pamtima, muphwanyeni: 9 kuchulukitsa ndi 10 ndi 90, 9 kuchulukitsa ndi 6 ndi 54, pamodzi 144. Kuphatikiza 0, akadali 144. Wokopera uja wataya 54 yense!

Ndipo diso limaona. Yang'anani mabokosi awiri ali pa sikiriniwa:

```
rgb(30, 144, 255)
rgb(30, 90, 255)
```

Lapamwambalo ndi lolondola, lowala, lopendekera ku mtundu wa thambo. Lapansilo lada, buluu wake walemera chifukwa kubiriwira kwachepa. Mukapangira munthu chikwangwani kapena tsamba la pa intaneti ndi lapansilo, adzakuuzani kuti mtundu wa kampani yake si umenewu, ndipo adzakhala akunena zoona.

Bodzali limakhalitsa chifukwa nthawi zina limagwira. Kuyambira `00` mpaka `09` yankho limafanana, poti mulu palibe. Kungofika pa `10` zasiyana kale: ameneyo ndi 16. Imvi ya `#808080` ndi 128 katatu, osati 80. Nayenso `99` ndi 153.

Chachinayi, mwachidule: mukakumana ndi khodi ya zizindikiro zitatu, monga `#F80`, chilichonse chilembeni kawiri, `#FF8800`. Osaika ziro kumapeto. Ndiye 255, 136, 0, mtundu wa lalanje.

Nayi ntchito yanu, ndipo poti tatchula tomato, mtundu uwu mu CSS dzina lake ndi `tomato` ndithu:

```
#FF6347
```

`FF` mukumudziwa kale. Koma `63` ndi `47` alibe chilembo ngakhale chimodzi, ndipo ndawasankhira chimenecho. Lembani manambala anu atatu m'munsimu, ndidzayamba nawo vidiyo ya sabata yamawa.