Kutsitsa vidiyo ndi makuki a akaunti yanu, koma fayiloyo musapatse munthu

Moni nonse. Tiyerekeze kuti munalipira maphunziro a pa intaneti, ndipo mukufuna kusunga phunziro limodzi pa kompyuta kuti muzionera ngakhale netiweki itavuta. Pa bulawuza vidiyo ikuonetsa bwinobwino, koma mukapereka linki yomweyo ku pulogalamu yotsitsira mavidiyo ya yt-dlp, ikukana. Mwina ikulemba 403, nambala yotanthauza kuti webusaiti yakukanizani, mwina ikuti mulowe kaye mu akaunti.

Chifukwa chake ndi ichi. Mukalemba pasiwedi, webusaiti imapatsa bulawuza yanu kachidziwitso kakang'ono kotchedwa kuki. Kuyambira pamenepo sikufunsaninso pasiwedi, imangoona kukiyo n'kudziwa kuti ndinu. Pulogalamu yotsitsira ilibe kuki imeneyo, ndiye webusaiti ikuiona ngati mlendo. Chofunika n'kuibwereka makuki anu, basi.

Lowani mu akaunti pa Firefox, kenako lembani lamulo ili:

```
yt-dlp --cookies-from-browser firefox "https://example.com/phunziro1"
```

Apa pulogalamuyo imawerenga makuki m'bulawuza momwemo, ndipo simupanga fayilo ina iliyonse. Ine njira imeneyi ndiyo ndimaikonda. Ndasankha Firefox dala, chifukwa Chrome ya pa Windows imamata makuki ake mwamphamvu moti kawirikawiri yt-dlp imalephera kuwawerenga. Ikakanabe, onani ngati mudakali mu akaunti, poti makuki amatha mphamvu. Dziwaninso kuti makuki satsegula vidiyo zotsekedwa ndi DRM, loko woletsa kukopera, ndiponso malamulo a webusaitiyo muwawerenge kaye, chifukwa ena amatseka akaunti ya munthu wotsitsa zinthu mosaloledwa.

Tsopano tifike pamene anthu amapwetekera. Nthawi zina mumafuna kutsitsira pa kompyuta ina, ndiye mumapanga fayilo ya makuki yoti mupite nayo kumeneko:

```
yt-dlp --cookies-from-browser firefox --cookies cookies.txt
```

Mvetserani bwino apa. Lamuloli silisankha makuki a webusaiti ya maphunziro okha ayi. Limakokolola makuki onse a m'bulawuzamo, a imelo, a masamba a mchezo, a kuntchito, n'kuwaika m'fayilo imodzi yosamata, yoti aliyense angaitsegule ndi Notepad.

Taonani m'kati mwa fayiloyo. Mzere woyamba walembedwa `# Netscape HTTP Cookie File`, ndipo m'munsimu kuki iliyonse ili ndi mzere wake wa magawo 7:

```
.example.com	TRUE	/	TRUE	1767225600	sessionid	8f3a9c
```

Koyambirira kuli dzina la webusaiti. Nambala yaitaliyo ndi nthawi yomwe kukiyo idzathere, yowerengedwa m'masekondi kuchokera mu 1970. Gawo lomalizalo ndiye kiyi weniweni. Munthu akakopera mzere umenewu n'kuuika m'bulawuza yake, mawebusaiti ambiri amulandira ngati ndinu. Sadzafunsidwa pasiwedi, ngakhalenso kanambala kaja kobwera pa foni, chifukwa kukiyo inaperekedwa inu mutadutsa kale zipata zonsezo.

Ndiye mnzanu akati, "Tanditumizireko cookies.txt yanuyo, ndingotsitsa phunziro limodzi," taganizirani chimene mukupereka. Iye angathe kukhala wokhulupirika ndithu, koma fayiloyo itsala m'foni mwake, m'macheza amene munatumizirawo, mwinanso m'malo osungira zinthu pa intaneti. Mwa imelo yanu, munthu angathe kusintha mapasiwedi a maakaunti ena onse. Zimandipweteka mtima ndikaona anthu akuika fayilo yonseyi pagulu pofunsa thandizo, kapena akuonetsa chithunzi cha sikirini mizereyo ikuwerengeka. Samalaninso ndi timapulogalamu towonjezera pa bulawuza totulutsa makuki, chifukwa mukatilola timaona makuki onse, ndipo tina tinapezekapo tikuwatumiza kwina mobisa.

Ngati fayilo ikufunikadi, ichepetseni. Tsegulani profayilo yatsopano mu Firefox, yomwe imayamba yopanda makuki anu akale, polemba `about:profiles`, mulowe mu webusaiti imodzi yokhayo, ndipo makuki muwatenge m'profayilo imeneyo. Kapena tsegulani fayiloyo n'kufufuta mizere ya mawebusaiti ena, koma mzere woyamba uja muusiye, ndipo mipata ya Tab musaisandutse mipata wamba, apo ayi yt-dlp siiwerenga bwino.

Nanga ngati munatumiza kale? Kufufuta fayilo pa kompyuta yanu sikuthandiza, ngakhale kufufuta makuki m'bulawuza, chifukwa kope lomwe lili kwa wina likugwirabe ntchito. Kiyi ameneyu amaphedwera ku webusaiti. Pitani pa zachitetezo mu akaunti yanu, muone mndandanda wa zipangizo zomwe zalowa. Mukaona chipangizo kapena dera lachilendo, n'kutheka kuti wina walowamo. Dinani pamene alemba zotuluka pa zipangizo zonse, kenako musinthe pasiwedi. Muchite zimenezi pa webusaiti iliyonse yomwe dzina lake likuoneka m'fayilo ija, kuyambira ndi imelo.