Bajeti ya pamwezi pa foni, tiyeni tipangire limodzi

Eee abale anga mwaswera bwanji, tengani foni ija tiyambepo. Musathamangire kulemba manambala a m'mutu ayi, poyamba tsegulani mameseji a Airtel Money kapena Mpamba a mwezi wathawu, muone zomwe munalipiradi, mayunitsi a ESCOM, bandulo, zomwe munatumiza kumudzi, ndi kandalama kaja amadula mukamatapa kwa ejenti, chifukwa m'mutu timangokumbuka renti basi koma zing'onozing'onozi ndi zimene zimatha ndalama.

Mukatero tsegulani Google Sheets, app ya timabokosi yowerengera manambala, ndi yaulere. Kumanzere mu A muzilemba dzina la chinthu, mu B ndalama yake. Tiyerekeze mayi wina amalandira 250000, imeneyo ilowe mu B1, kabokosi ka mu B pa mzere woyamba. Kutsika m'munsi renti 60000, chakudya 80000, minibasi 1000 kupita 1000 kubwera masiku 22 ndiye 44000, magetsi ndi madzi 15000, makala 15000, bandulo pamodzi ndi zodula zija 8000, banki mkhonde 20000. Mzere wa 9 usiyeni kaye opanda kanthu. Mu B10 lembani chonchi:

```
=B1-SUM(B2:B9)
```

Ikuyenera kukuonetsani 8000. Ikakupatsani nambala yaikulu modabwitsa ndiye kuti penapake mwaika K kutsogolo, foni imaona ngati ndi mawu ndiye siyiwerengera, mudziwira poti nambalayo yakhala kumanzere kwa kabokosi pomwe anzake ali kumanja. Chotsani K yo.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse bwinobwino. Mayi uja akuona 8000 yotsala akuti zili bho, koma ali ndi mwana wa fizi 60000 pa teremu, ndipo fizi siyibwera mwezi uliwonse ndiye imaiwalika mpaka sabata yotsegulira sukulu, kenako munthu uja ali kwa akatapila. Chaka chili ndi materemu atatu, ndiye teremu iliyonse muli ndi miyezi 4 yosonkhetsa, 60000 kugawa 4 ndi 15000. Ikani mu B9 muja. Mwaona? Yasintha yokha, yafika -7000. Kamzere kakutsogoloko kakutanthauza kuti mwezi usanayambe muli kale mu ngongole.

Renti simungaidule, chakudya cha ana ine sindingakulangizeni kuyambira kumeneko. Tsitsani banki mkhonde ifike 15000, bandulo 6000, muona B10 yabwera pa 0. Fetereza ndi yunifomu muzipanganso chimodzimodzi, kugawa pa miyezi.

15000 ya fizi ija isakhale mu akaunti yomwe mumagulira ndiwo, tsiku lolandira lomwelo isamutsireni ku banki kapena pa simu ina. Ya chakudya igaweni panayi, 20000 pa sabata, ndipo madzulo alionse lembani mu C zomwe mwagula ngakhale tomato wa 500. Sabata yoyamba ikadya 28000 musadikire kumapeto kwa mwezi, masabata atatu otsalawo ali ndi 52000 basi, ndiye muzitapa 17000 Lolemba lililonse.