Mwana Ali ku Joni, Chigayo Chili Kuno: Muikepo Ndani?

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu, amayi ndi abambo. Amene muli padzuwa sunthirani kuno kumthunzi, malo alipo. Ana inu phokoso ilo kaseweleni uko.

Nkhani yatisonkhanitsa nonse mukuidziwa, ngakhale mukuyang'ana pansi. Mnyamata wa tsidya la msewu wa ku Senga Bay uyu, dzina sinditchula, wakhala akugwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Joni. Ndalama amatumiza kwa malume ake kuti amangire chigayo. Malume amatumiza zithunzi: nyumba iyi, makina awa, amayi ali pamzere ndi madengu awo. Wabwera mwezi watha kudzaika maliro a mayi ake, wapeza chipupa cholekezera pawindo, udzu utamera m'kati. Zithunzi zija zinali za chigayo cha munthu wina kwa Kamuzu Road. Lero banjalo silipatsana moni.

Sindinabwere kudzaweruza mlandu umenewo, ndi wa mafumu. Ine ndabwera chifukwa pano palibe mudzi wopanda mwana ku Joni, ndipo foni ikalira usiku nkhani yake imakhala imodzimodzi: amayi, ndikufuna kuyamba kabizinesi kumudziko, ndiikepo ndani? Mawu amene ndikufuna mupite nawo ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane. Wogaya asasunge ndalama, wosunga ndalama asagaye, ndipo ndalama zisabwere zonse pakamodzi.

Ndikamba za chigayo chifukwa ndi chimene ambiri amalota. Koma wa njinga yamoto ya kabaza, wa golosale, wa bwato la usipa, tcherani khutu, nzeru yake ndi yomweyi.

Tiyambe ndi kusankha munthu. Ife timasankha ndi magazi. Timati uyu ndi mchimwene wanga wa bere limodzi, sangandibere. Winanso amati uyu ndi mkulu wa mpingo, kapena saphonya kumzikiti. Zabwino zimenezo, koma sizikuuzani ngati munthuyo amadziwa kusiyanitsa ndalama yake ndi ya mwini wake. Ambiri amene amagwetsa bizinesi si akuba ayi. Mwana wadwala, akuti ndibwereke kaye faivi sauzande ndibweza. Mawa kuli chinkhoswe, wabwerekanso. Pofika nthawi yogula lamba wa makina, m'thumba muli mbee.

Ndiye muyeseni kaye ndi zochepa. Mutumizireni ndalama ya matumba khumi a simenti, muwonjezerepo dala kangachepe pamwamba, musanene. Kenako khalani chete. Munthu woyenera amaimba yekha: ndagula, lisiti ili, ngolo ndalipira zakuti, chenji chatsala chakuti, nditani nacho? Wina mumachita kumufunsa katatu, lisiti akuti linanyowa ndi mvula, za chenji satchula n'komwe. Ameneyo mukondeni, m'gulireni jekete pobwera, koma chigayo ayi. Funsaninso ku banki m'khonde kumene ali. Amayi a kumeneko amadziwa amene amabweza ngongole tsiku lake ndi amene amathawira kudimba akaona buku. Muonenso ngati munthuyo ali nako kake kamene amasamala, kaya ndi mbuzi, kaya ndi benchi ya tomato. Amene chake chinamukanika, chanu sadzachitha.

Ndipo tamverani, ana athu okhala kunjawo muwauze izi. Chizolowezi chosonkhanitsa marandi chaka chonse n'kutumiza mulu umodzi pa Mukuru n'choopsa pawiri. Choyamba mwamuika m'bale wanu m'mayesero. Chachiwiri kwacha siidikira munthu. Mukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo m'masitolo inasintha sabata yomweyo. Ndalama ya makina imene inangogona pansi pa matilesi inasanduka ndalama ya theka la makina. Tumizani pang'onopang'ono, gawo ndi gawo: maziko athe, awonedwe, kenako ya chipupa. Ya makina ipite kwa wogulitsa mwachindunji, lisiti lilembedwe dzina la mwini. Ndalama zisabwere zonse pakamodzi.

Za zithunzi, musadalire chithunzi chotumizidwa. Imbani vidiyo pa WhatsApp mosachenjeza, munthu ayende nayo foni kuchokera pa mtengo wa mango umene mukuudziwa mpaka alowe m'nyumbamo.

(Mayi wina aimirira: "Pepani achimwene, ndikuduleni. Inu mukuti tiziyesana ngati alendo. Kwathu kuno mwini mbumba ndi malume. Mwana akamudumpha malume wake n'kuika munthu wapadera, mudzi uti chiyani? Chibale ndi fupa, sichiola.")

Zikomo mayi, khalani pansi, mwafunsa funso limene ambiri akulisunga m'mimba. Sindikunena kuti malume atayidwe. Ndikunena kuti apatsidwe mpando woyenera. Malume akhale mboni, akhale woyang'anira, akhale amene wogaya amamuopa akamuona akubwera ndi ndodo yake. Ulemu umenewo ndi waukulu, ndipo kumapeto kwa mwezi alandire kangachepe ka sopo kodziwika. Koma taganizani mayi. Wantchito wapadera akasowetsa ndalama, mumamuitana, mumamufunsa, zikakanika mumamuchotsa. Malume anu mungawafunse kuti ndalama ya Lachiwiri ili kuti? Pakamwa pamalemera. Mumangomeza, mwezi uno, mwezi wamawa, mpaka tsiku limene mudzaphulike pamaliro anthu akuona. Chimene chimaoletsa chibale ndi ndalama yosawerengedwa, si buku ayi.

Ndipo ngati m'bale ndiye woyenera, wapambana mayeso aja, muikeni, palibe choletsa. Koma mumulipire malipiro a pamwezi ngati wina aliyense. Apa ndiye ana athu amalakwa kwambiri. Amati ndi m'bale wanga, akungondithandiza. Munthu azidzuka m'mamawa, azipuma fumbi la ufa tsiku lonse, munda wake uli thengo, inu mukuti akuthandiza? Adzadzilipira yekha, ndipo adzadzilipira bwino kuposa mmene mukanamulipirira. Nkhani ya achibale ogayitsa ulere muithetsenso poyamba. Nenani poyera kuti nyumba ya amayi tini ziwiri pa sabata, ya malume chimodzimodzi, ena onse alipire, ndipo zaulerezo zilembedwe m'buku. Mukapanda kutero mudzapeza kuti mudzi wonse ndi azisuweni anu. (Kuseka.) Mukuseka, koma ena mwa inu ndinakuonani mukuchita zomwezo pa chigayo cha malemu uja.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndimakondera chigayo cha magetsi. Chili ndi mboni imene siidya chiphuphu, ndiyo mita ya ESCOM. Makina sangagaye popanda kudya mayunitsi. Ndiye sabata yoyamba, mwini ali pompo kapena munthu wake wachiwiri ali pompo, werengani. Lembani mayunitsi a pamita m'mawa, lembani madzulo, lembani tini zimene zagayidwa. Tiyerekeze mwapeza kuti mayunitsi 100 amagaya tini 120. Chiwerengero chanu chidzasiyana malinga ndi kukula kwa mota ndi sefa imene mwaika, ine ndikungopereka chitsanzo. Tiyerekezenso kuti tini imodzi mumalipiritsa K1,000. Mwezi watha, mita ikuonetsa kuti mayunitsi 500 apita. Ndiye kuti tini zagayidwa pafupifupi 600, ndalama iyenera kuyandikira K600,000, kuchotsapo zaulere zolembedwa zija. Buku likati K560,000, musakwiye, ndi mmene ntchito imakhalira. Koma likati K350,000, tini zoposa 200 zapita kuti? Mwana ali ku Joni angathe kuwerenga zimenezi atakhala pabedi, bola alandire chithunzi cha mita ndi cha tsamba la buku Loweruka lililonse.

Wogaya adzati magetsi amazimazima mwezi uno. Zoona, amazima, tonse tikudziwa. Koma magetsi akazima mita nayonso imaima. Adzati ndi Febuluwale, anthu alibe chimanga. Zoonanso, nthawi ya njala chigayo chimakhala zii, koma pamenepo mayunitsi nawo amatsika. Ndalama ikatsika mayunitsi osatsika, m'pamene pali funso.

Komabe musathamangire kunena kuti wakuba. Pali zinthu zimene zimadyetsa magetsi popanda munthu kuba. Mahamala akatha, makina amazungulira nthawi yaitali pa tini imodzi. Mphale yonyowa imatseka sefa. Lamba akakhwepa mota imangolira ntchito osayenda. Wogaya wina amasiya makina akulira opanda kanthu iye akucheza panja. Kapena wapatsa waya mnzake wowotcherera zitsulo kuseri, ndalama yake akudya yekha. Itanani mmisiri aone makina kaye. Akati makina ali bwino, mwatsala ndi munthu. Cha dizilo n'chovutirapo, chifukwa mafuta amapopeka ndi paipi usiku.

Paja madeya. Mukakhala ndi makina okonola, gaga wotsala ndi ndalama, oweta nkhumba ndi nkhuku amagula ndi matumba. Eni ambiri okhala kunja sadziwa n'komwe kuti kuli ndalama imeneyo. Ilembedwe payokha.

Ndiye mwaona chifukwa chake ndikuti anthu akhale awiri. Wogaya agaye ndi kulemba tini. Wina, makamaka wa nyumba ina, abwere madzulo kudzatenga ndalama, asayine m'buku, aike pa Airtel Money kapena Mpamba pa nambala ya bizinesi yokha, osati imene amagulira mayunitsi oimbira zibwenzi. Mayunitsi a magetsi agule wachiwiriyo, uthenga wake autumize kwa mwini. Wogaya asasunge ndalama, wosunga ndalama asagaye.

Ndikuona amayi kumbuyoko ayamba kumanga ana kumsana, ndithamange. Musanagule makina, funsani a ESCOM ngati pamalopo pali thiransifoma yopereka magetsi amphamvu aja amati thiri fezi, chifukwa makina ena akuchita dzimbiri m'nyumba kudikira magetsi. Malo omangapo akhale ndi kalata ya amfumu ndi mboni m'dzina la mwini, makamaka inu akamwini amene mukumanga kwa akazi anu. Mita nayo dzina la mwini. Laisensi ya bizinesi katengeni ku khonsolo. Pangano ndi wogaya lilembedwe pa pepala: malipiro, nthawi yotsegula, ndalama imene angawononge pokonzetsa osafunsa, ndi mmene mudzasiyanirane. Yambani ndi miyezi itatu yoyeserera. Patulani ndalama ya sefa, lamba ndi mabering'i mwezi uliwonse musanadye phindu. Ndipo mwiniyo azibwera osanena tsiku.

Amene muli ndi ana kunja tsalani pang'ono, mlembi ali ndi kope pano akuonetsani kajambulidwe ka mizere ya buku lija. A Gulupu, ndabweza mawu kwa inu.