Nambala iyi yachokera kuti? Kasanjidwe ka apendisi ndi mndandanda wa mabuku mu monografiya

[Pa kanema: tebulo, monografiya yomata kale, ndi mulu wa mapepala a mafunso omangidwa ndi mphira]

Moni nonse, makamaka inu amene mukulemba monografiya ku Ulongwe, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Tsiku la defeza, mmodzi wa aphunzitsi oyesa amatha kuika chala pa nambala imodzi n'kufunsa kuti, "Iyi yachokera kuti?" Masamba a kumapeto kwa ntchito yanu alipo kuti ayankhe funso limeneli. Lero titsata nambala imodzi chobwerera m'mbuyo, mpaka tikafike pa pepala limene linalembedwa pakhonde la mlimi.

Tiyerekeze kuti mwafunsa alimi 60 a mbatatesi ku Tsangano, ndipo Tabela 4 ikunena kuti pa avareji mlimi mmodzi amakolola makilogalamu 1,200. Manambalawa ndi achitsanzo chabe.

Choyamba, pansi pa tebulolo pakhale mzere wonena gwero: funso 7 la pa Apêndice A, mayankho ali pa Apêndice C. Mzere umodzi wokhawu ndiye khomo. Popanda iwo wowerenga ayamba kufufuza tsamba ndi tsamba, ndipo ambiri satero, amangokayika.

Apa ndifotokoze mawu awiri amene amasokoneza anthu. M'kalembedwe ka Chipwitikizi, Apêndice ndi chimene mwapanga nokha, monga mafunso anu ndi tebulo la mayankho. Anexo ndi chimene munachita kulandira, monga kalata yokulolani kuchita kafukufuku kapena mapu ojambulidwa ndi ena. Muzipatse zilembo A, B, C motsata mmene zikuonekera koyamba m'nkhani yanu, ndipo chilichonse chitchulidwe m'katimo kamodzi kapena kuposa. Chimene simunachitchule paliponse chichotseni. Sukulu yanu ikakhala ndi malamulo akeake a kalembedwe, tsatirani amenewo.

[Kamera iyandikire pa pepala limodzi la mafunso. Pakona pali TSA-17 yolembedwa ndi bolopeni]

Taonani pakona apa. Pepala lililonse lili ndi nambala yake, ndipo imalembedwa musanapite kumudzi, osati mutabwerako. TSA ndi Tsangano, 17 ndi mlimi wa nambala 17. Nambala yomweyi ndi imene ikuyamba mzere wake mu Excel:

```
ID      P7_num  P7_unid  P7_kg
TSA-17  12      saco     600
TSA-18  30      lata     (vazio)
```

Mlimi sanakuuzeni kuti makilogalamu 600. Anati, "Ndinapeza matumba 12." Amene anasandutsa matumbawo kukhala makilogalamu ndinu. N'chifukwa chake mawu a mlimi akhale m'danga lawo osakhudzidwa, kuwerengera kwanu kukhale m'danga lina. Ndipo pa Apêndice B, pamene mukumasulira tanthauzo la danga lililonse, mulembe poyera kuti thumba limodzi mwaliwerengera makilogalamu 50, ndiponso kuti 50 ameneyo munamupeza bwanji. Amene anafikapo pamsika wa mbatatesi akudziwa kuti thumba losokerera pamwamba silifanana ndi thumba lomanga pakamwa. Ngati munayeza matumba angapo pa sikelo, lembani kuti anali angati, ndi tsiku lake. Ngati munangotenga zimene zinalembedwa pa thumbalo, nenani zomwezo. Palibe amene angakudzudzuleni chifukwa chonena zoona, koma mukabisa, wina sangathe kubwereza kuwerengera kwanu.

Mlimi TSA-18 anayankha ndi ndowa, ndipo ndowayo sinayezedwe. Danga lake la makilogalamu lisiyidwe lopanda kanthu. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa amaikapo 0 kuti tebulo lioneke lodzaza. Tiyeni tione zimene zimachitika. Alimi atatu alibe yankho lowerengeka, ndiye otsala ndi 57, ndipo zokolola zawo zonse pamodzi ndi makilogalamu 68,400. Kugawa ndi 57 kukupatsani 1,200. Mukaika 0 m'madanga atatu aja, fomula ya avareji ya `MÉDIA` igawa ndi 60, n'kutulutsa 1,140. Excel imadumpha danga lopanda kanthu, koma 0 imamuwerenga ngati mlimi amene sanakolole chilichonse. Mungazindikire bwanji vutoli? Tebulo lanu lizisonyeza chiwerengero cha oyankha, n = 57, ndipo Apêndice B anene chifukwa chimene atatuwo asowera. Mukaona n = 60 pa funso lililonse kuyambira loyamba mpaka lomaliza, bwererani ku mapepala mukaone bwino.

Sungani mafailo awiri. La `dados_brutos.xlsx` ndi mmene munakopera kuchokera pa mapepala, ndipo silikonzedwanso. La `dados_limpos.xlsx` ndi limene mumakonza, ndipo chilichonse chimene mwasintha muchilembe: mzere uti, panali chiyani, mwaikapo chiyani, chifukwa chiyani.

Tsopano nkhani imene imandikhudza kwambiri ife a kuno. Mafunso munalemba m'Chipwitikizi, koma kumudzi munafunsa m'Chichewa. Ndiye funso limene mlimi anamva ndi la Chichewalo. "Munakolola zochuluka bwanji?" ndi "Munagulitsa zochuluka bwanji?" ndi mafunso awiri osiyana, pakuti zina zinadyedwa pakhomo, zina zinasungidwa za mbewu. Ngati munali ndi mnzanu wokuthandizani kufunsa, ndipo aliyense ankamasulira za m'mutu mwake, danga limodzi lija lasakaniza mayankho a mafunso awiri. Ikani zinenero zonse ziwiri pa Apêndice A, moyang'anizana, funso 7 kuno, funso 7 uko. Muike mafunso amene munagwiritsadi ntchito, osati amene munawakongoletsa pambuyo pake.

Mayina a alimi asalowe m'monografiya. Pepala lolumikiza TSA-17 ndi dzina la munthu, komanso makalata a chilolezo amene anasaina kapena kudinda chala, zikhale kwa inu pamalo otsekedwa. Mu apendisi muike kalata yosalembapo kanthu. Samalaninso ndi mawu ngati "mayi wamasiye yekhayo wokhala ndi pampu m'mudzimo", chifukwa amenewo ndi dzina kale.

[Tsamba la Referências]

Mndandanda wa mabuku umayenda ndi nzeru yomweyo. Tengani pensulo, werengani ntchito yanu kuyambira pachiyambi, ndipo dzina lililonse lokhala ndi chaka mulipeze pa mndandanda n'kuchongapo. Mukamaliza, chimene chatsala chosachonga simunachitchule, chichoke. Dzina limene mwalisowa pa mndandanda, liwonjezeni. Wolemba mmodzi akakhala ndi zolemba ziwiri za chaka chimodzi, m'kalembedwe ka APA mumazisiyanitsa ndi zilembo, monga 2019a ndi 2019b, m'nkhani ndi pa mndandanda pomwe.

Chenjerani ndi chaka. Kalembera wa anthu wa INE anachitika mu 2017, koma zotsatira zake zomaliza zinatuluka mu 2019. Chimene mumalemba ndi chaka chimene chikalata chili m'manja mwanucho chinasindikizidwa, ndipo muonjezere tsamba kapena nambala ya tebulo, pakuti kungoti INE n'kumulozera munthu nkhalango yonse. Zimene anakuuzani pakamwa alangizi a zaulimi kapena amfumu, APA siziika pa mndandanda chifukwa wowerenga sangakazipeze. Ngati zinali mbali ya kafukufuku wanu, zipatseni nambala monga ENT-02, ndi tsiku ndi malo, mu apendisi ya zokambirana.

Musanapite kukamata, perekani ntchitoyo kwa mnzanu amene sanapite nanu ku Tsangano. Asankhe nambala iliyonse m'tebulo, inu mukhale chete, iye ayende yekha kuchoka pa Tabela 4 kupita pa Apêndice C, aone mzere wa TSA-17, kenako asolole pepala lake pa mulu uja. Pamene waima n'kukufunsani, lembanipo chizindikiro, mukonze usiku womwewo.